Migolo Yopanda Kanthu

Anthu akamakamba za nkhondo ija amakonda kutchula mizinga ndi anyamata olimba mtima. Ine ndimangowayang'ana. Ndinali sajeni meja pa depoti ya kumapeto kwa njanji zaka ziwiri zathunthu, ndipo ndikukuuzani mosapita m'mbali kuti chigawo chathu tinachipulumutsa ndi migolo yopanda kanthu. Sekani ngati mukufuna. Asilikali nawonso ankaseka, mpaka anandipatsa dzina loti Mayi Migolo, ine n'kumavomera.

Ntchito yathu inali yosavuta kufotokoza. Sitima inkabweretsa dizilo, zipolopolo ndi chakudya mpaka pomwe njanji inathera. Kuchoka pamenepo kukafika kwa asilikali athu panali makilomita 300 a msewu wafumbi, ndipo pakati pake panali mtsinje womwe mlatho wake adani anauphulitsa. Mainjiniya anaikapo mlatho wachitsulo wongoyembekezera, koma sukanatha kunyamula galimoto ya thanki. Choncho dontho lililonse la dizilo linkayenda m'migolo ya malita 200, migolo makumi awiri pa lole imodzi. Ulendo wopita ndi kubwera unkatenga masiku anayi.

Kumapeto kwa msewuwo kunali amuna 800, ndipo wowalamulira anali a Kenolo, amuna awo a akulu anga. Alamu angawa anali munthu wabwino, wamtali ngati mlongoti, wosaopa chipolopolo. Vuto lawo linali limodzi: ankaganiza kuti dizilo amachokera mu wailesi. Ukangokuwa mokwanira, amafika.

Lolemba lina m'mawa wailesi ija inakuwadi.

"Adani akubwerera m'mbuyo," anatero a Kenolo. "Ndikufuna kuwathamangitsa mpaka ku tauni yawo mvula isanayambe. Nditumizireni dizilo yense amene muli naye."

Abwana anga a Meja, amene ankayang'anira depoti yonse, anandipatsira cholankhulira ngati kuti chikuwawotcha. Anali ndi zilonda za m'mimba, ndipo mawu a alamu anga ankawadzutsira matendawo.

"Bwana, dizilo alipo, mathanki onse ndi odzaza," ndinayankha. "Chomutengera ndiye palibe. Ndatsala ndi migolo 130."

"Zana limodzi ndi chiyani? Si tinayamba ndi 1,500?"

"Eya, Bwana. Ndinakutumizirani yonse. Sinabwere."

A Kenolo anandiuza kuti ndisiye kulankhula ngati mayi wogulitsa mabotolo. Ndiitanitse migolo yatsopano. Ndinali nditaitanitsa kale, ndipo yankho linali loti ibwera pakatha miyezi itatu, chifukwa mabogi onse a sitima anali otanganidwa ndi zipolopolo.

Masana ake akulu anga anandiimbira foni. Nkhani za kunkhondo zimafika m'nyumba za akazi a asilikali msanga kuposa makalata a boma.

"Iwe, ndamva ukuwamana mafuta alamu ako," anatero. "Chilichonse chimene apempha uziwatumizira. Ndikufuna amuna anga abwere amoyo."

"Inenso ndi zomwe ndikufuna, akulu."

"Ndiye usawachititse manyazi."

Ndinapempha a Meja kuti andilole kupita ndi mdipiti wa malole wa Lachitatu, ndikaone ndekha kumene migolo yanga inkafera. Anavomera msangamsanga. Ndikhulupirira anasangalala kuti ukali wa a Kenolo ukagwera ine pamaso m'pamaso, osati iwo pa wailesi.

Ndinakwera lole yotsogolera, ya dalaivala wina wachikulire amene tinkamutcha Chitayala. Ndinatenga thumba la zitsekero za migolo, ndipo iye analiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Mayi, anzanu amapita kunkhondo ndi mfuti."

"Yendetsani galimoto, bambo."

Tisanafike ndi pamlatho pomwe, ndinayamba kuiona migolo yanga. Ina inali gone m'ngalande, pomwe asilikali anamangapo msasa miyezi yapitayo. Ina anaiimika m'mphepete mwa msewu kuti isonyeze maenje. Pamlatho, alonda anali atakhalira isanu ndi umodzi akusewera makadi pa wachisanu ndi chiwiri. Chitayala anandiuza kuti malole ankabwerera opanda katundu ulendo uliwonse.

"Bwanji simunkainyamula?" ndinamufunsa.

"Kukweza migolo kumadya ola lathunthu, mayi. Tikangotsitsa amatiuza kuti chokani, chokani, mukuitana mizinga. Nanga ndani angafere mgolo wopanda kanthu?"

Sindinamukalipire. Ankanena zoona, ndipo mlandu wina unali wanga. Miyezi yonseyo ndinkangolemba makalata odandaula, pomwe ndinayenera kubwera ndekha kalekale.

Tinafika Lachinayi chakumadzulo, dzuwa likadalipo. Zimene ndinaona kumsasa waukulu zinandiwawa mumtima ngati mayi wopeza ana ake akugona panja. Migolo ina anaidula pakamwa n'kuithira mchenga kuti ikhale mpanda wotchinga zipolopolo. Imeneyo ndinaikhululukira, chifukwa inkateteza anthu. Koma ina inali mbaula, ina mabafa, ina mipando, ina mosungira madzi. Ophika anali ndi khumi ndi iwiri. Kuseri kwa tenti ya a Kenolo kunali theka la mgolo lopakidwa penti yoyera, sopo ali pambali pake.

Anandilandira pamaso pa maofesala awo, ndipo pamenepo panalibe chilamu.

"Sajeni meja, mwabweretsa ingati?"

"Yonse imene ndinali nayo, Bwana. Ndipo ku depoti kwatsala zero. Ndikabwerera wopanda migolo, ulendo wotsatira malole abwera ndi mphepo."

Kaputeni wina wachinyamata, wandevu zochita kupesa, anaseka. "Adani akuthawa, ife tikukamba za zitini."

"Galimoto yanu imamwa chiyani, Bwana?" ndinamufunsa. Sanasekenso.

A Kenolo anawatulutsa onse. Titatsala awiri anavula chipewa, n'kukhala pansi mwamphamvu. Tebulo la mapu nalonso linali thabwa loyalidwa pa migolo iwiri, koma ndinadzigwira.

"Alamu, mukufuna kundiphera ntchito?" anatero. "A Jenerali akufuna tauni ija mwezi uno. Andiimbira katatu lero."

"Ndibwerekeni nyemba."

"Nyemba?"

Ndinatuma mlonda kukhitchini, ndipo anabwera ndi nyemba zodzaza chikhatho. Ndinaziyala pamapu, m'mbali mwa msewu wathu.

"Malole a dizilo ndili nawo khumi, ena khumi ndi awiri ndi a chakudya ndi zipolopolo. Migolo ikakhalapo, ulendo umodzi ndi migolo 200 pa masiku anayi. Malole onsewo amamwako pano kuti abwerere. Inu mumatsala ndi 45 patsiku. Mukakhala phee pano mumatentha 30. Mukamayenda ndi kumenyana mumatentha 90. Ndikunama?"

"Pitirizani."

Ndinakankhira nyemba zija kutsogolo, mpaka pa kadontho ka tauni. "Uko ndi makilomita ena 150. Ulendo usanduka wa masiku asanu ndi limodzi, ndipo malole adzimwera ambiri. Ikufikani migolo yosakwana 30 patsiku, inu mukufuna 90. Tsiku lachitatu kapena lachinayi magalimoto anu aima okha pakati pa tchire. Majenereta azima, wailesi zifa, wovulala simudzatha kumunyamula. Ndipo apo mvula sinagwe."

"Adani nawonso atopa."

"Atopa, koma akubwerera kunkhokwe zawo. Sitepe iliyonse imene akubwerera, msewu wawo ukufupika, wanga ukutalika."

Anayang'ana nyemba zija nthawi yaitali. Ndinaona kuti mutu wamva, koma mtima ukadali ku tauni.

"Masamu ndi masamu," anatero. "Koma ine ndaona anthu akuthawa. Munthu wothawa ukamukankha pang'ono amagwa. Mawa ndikuonetsani msasa wawo, mukaone nokha."

M'mawa mwake tinapita, makilomita asanu ndi atatu kutsogolo, titaperekezedwa ndi magalimoto awiri. Adani anali atachokapo masiku atatu apitawo. A Kenolo ankandilozera maenje obisalamo, nsapato zong'ambika, mabokosi a zipolopolo ophwanyika. Ine ndinawasiya n'kulowera kuseri kwa kaphiri, pansi pa mitengo, komwe ndikanaika dizilo ndikanakhala ine.

Ndinapapeza. Nthaka inali yakuda ndi mafuta. Panali mitengo yoyalidwa iwiriiwiri pomwe ankagonekapo migolo, m'magulu ang'onoang'ono otalikirana kuti bomba limodzi lisatenthe zonse. Ntchito yaukhondo, ya munthu wodziwa. Ndinazungulira malo onsewo kawiri, kenako ndinawaitana.

"Alamu, mukuona chiyani apa?"

"Palibe kanthu."

"Ndi zomwezo. Apa panali migolo mazana. Ili kuti? Ngakhale chitsekero chimodzi sanasiye."

Anayang'ana uku ndi uku.

"Inu amene mukupambana mumataya migolo m'ngalande chifukwa kukweza kumadya ola limodzi. Awa mukuti akuthawa, koma anapeza nthawi yokweza yopanda kanthu yomwe, ndipo anali ndi malole oti ainyamule. Munthu wothawa satero. Awa akukaidzazanso, ndipo akukudikirani kumene malole anga sangafike."

Alamu anga anatola kamtengo, n'kukanda nthaka yakuda ija, n'kukanunkhiza. Nkhope yawo inasintha. Ndinawamvera chisoni, chifukwa ndinadziwa chimene ankataya: tauni ija inali nyenyezi yawo ya paphewa, imene anaidikira zaka zambiri.

"Mukufuna masiku angati?" anafunsa.

"Masabata atatu. Ndipo ndikufuna lamulo lochokera pakamwa panu: wosabweza mgolo wopanda kanthu salandira wodzaza."

"Ngakhale ine?"

"Makamaka inu. Bafa lija lokha khalani nalo, linafa kale."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene dzino likumupweteka. Titabwerera kumsasa anaitana maofesala onse n'kupereka lamulolo, ndipo atatero anaimbira a Jenerali. Zimene anauzana sindinamve, koma mlonda wa pakhomo la tenti anasuntha n'kukaima patali.

Masiku awiri otsatira, asilikali olimba mtima aja anasanduka otola migolo. Ankanyinyirika, ena ankandiimba nyimbo zimene sindingabwereze pano. Ophika anatsala pang'ono kulira. Yodulidwa inali pafupifupi 400, ndipo imeneyo inali itapita basi. Yamadzi tinaikhuthula, n'kuiyanika chozondoka, n'kuitsuka ndi dizilo pang'ono, chifukwa madzi akalowa mu injini ndi maliro. Thumba langa la zitsekero lija linatha lonse, Chitayala n'kubwera kudzapepesa. Pobwerera tinkaima pa ngalande iliyonse. Pomatha sabata yachiwiri tinali ndi migolo yoposa 800 yoyenda: ina ikudzazidwa, ina ili pamsewu, ina ikuunjikidwa kutsogolo.

Za kuunjikako ndinawasiyira malangizo. Pamalo okwera, osati m'dambo. Magulu a makumi awiri, otalikirana. Yogoneka cham'mbali pa mitengo, kuti madzi a mvula asadikhe pa chitsekero. Njira yake ndinaionera pa mdani uja wa kuseri kwa kaphiri, ndipo sindichita manyazi kunena.

Kulikulu anthu sanasangalale. Ankati a Kenolo agwidwa ndi mantha, akulamulidwa ndi mlamu wawo wa kusitolo. Tsiku la makumi awiri la masabata atatu aja anawachotsa paudindo. Anatumiza kenolo wina wothamanga magazi, ndipo alamu anga anabwera ku depoti pa lole ya Chitayala, chikwama chili pamiyendo, kumbuyo kukulira migolo yopanda kanthu. Anawapatsa kaofesi koyang'anira ndandanda ya sitima, ntchito yoti kopolo akanaigwira.

Akulu anga anaimbanso.

"Wakhutira?" anatero. "Zaka makumi atatu za ntchito, iwe wazithera m'migolo." Anadula foni ndisanayankhe, ndipo kuyambira tsikulo sankandiyankhanso. Zinandipweteka kwambiri, koma maganizo sindinasinthe. Nyemba zija ndinaziwerenga bwino.

Kenolo watsopano uja anapeza migolo 320 yodzaza, n'kulengeza kuti anyamuka pakatha masiku awiri. Sananyamuke. Mvula inafulumira chaka chimenecho. Inagwa masiku atatu osakata, mtsinje unadzaza n'kukokolola dothi la kumapeto kwa mlatho, ndipo msewu wathu unaduka. Malole anga anaima tsidya lino masiku asanu ndi anayi, madalaivala akungoyang'ana madzi.

Adani anamva. Anadziwa kuti gulu lodulidwa msewu limauma m'masiku atatu, ndipo mwezi umodzi m'mbuyomo akanakhala akulondola. Atatopa ndi kutidikira, akuluakulu awo anaganiza zobwera okha kudzatola anthu opanda mafuta. Anatuluka mu tauni yawo ndi zonse zimene anali nazo, n'kulowa m'makilomita 150 omwe aja, amene tsopano anali matope okhaokha.

Ine ndi alamu anga tinkamvera pa wailesi ya ku depoti, titakhala pa benchi limodzi. Iwo ankatuluka thukuta ngati ali komweko. Tsiku loyamba la nkhondo kaputeni wandevu zopesa uja anamveka akupempha dizilo wa magalimoto ake, ndipo anamupatsa pompo. Majenereta sanazime. Magalimoto okoka mizinga ankasuntha pa njira zamiyala za pamtunda, kuwombera apa, kusamukira apo. Ovulala ankafika kwa dokotala. Ndinkafunsa funso limodzi lokha m'mawa uliwonse, kuti yatsala ingati, ndipo yankho linkatsika monga momwe ndinkayembekezera.

Tsiku lachinayi mizinga ya adani inayamba kulira patalipatali. Tsiku lachisanu inangoti chete. Malole awo a zipolopolo ndi dizilo anali atatitimira m'matope kutali kumbuyo, ndipo m'matope injini imamwa kawiri. Magalimoto awo ankhondo anawapeza ali ndondondo mumsewu, athunthu bwinobwino, mathanki ouma. Anthu ake ena anabwerera wapansi, ambiri anakweza manja. Mainjiniya atakonza mlatho, lole yoyamba ya Chitayala inapeza kutsogolo kwatsala migolo 26. Tauni ija asilikali athu anailowa mvula itatha, popanda womenyana naye, ndipo mendulo inapita kwa kenolo watsopano. Zimenezo sizinandidabwitse, mendulo sizidziwa njira ya kusitolo.

Akaidi ankadutsa pa depoti yathu podikira sitima. Mmodzi wa iwo, bambo waimvi wa zala zakuda ndi mafuta, anaima n'kumayang'anitsitsa migolo yanga yogonekedwa m'magulu. Anafunsa mlonda kuti mwini ntchitoyi ndani, ndipo anamulozera ine.

"Kuseri kwa kaphiri, pansi pa mitengo," ndinatero. "Munali inu?"

Anagwedeza mutu. "Ndinawauza kuti tidikire kwathu. Ndinawauza kuti msewu uja sungatidyetse nthawi ya mvula."

"Anati chiyani?"

"Anati ndine munthu wa zitini."

Ndinamupangira tiyi m'kapu yangayanga, shuga masupuni atatu. Anzanga anadandaula, koma ndinawauza kuti akagwire ntchito.

Patapita miyezi iwiri gulu lathu lija linalandiridwa ndi lina, ndipo linabwerera kudzakwera sitima. Akazi ndi makolo analoledwa kufika pa geti la depoti. Akulu anga anabwera nawo, koma anaima patali, maso ali kumbali. Ine ndinali pantchito yanga, chifukwa lole iliyonse inabwera ndi migolo, ndipo asilikali ankaitsitsa okha asanathamangire abale awo. Palibe amene anawauza.

Alamu anga anatuluka m'kaofesi kawo n'kukaima pa geti. Panalibe amene anawaitana, ndipo sanali kenolo wa aliyense pamenepo. Ndinaona milomo yawo ikugwedera, ndipo ndinazindikira kuti akuwerenga anthu, mmodzimmodzi, monga ndimawerengera migolo. Anyamata ankati akawaona ankawongoka n'kuchita sawatcha, ngakhale amene anali pa ndodo. Kaputeni wandevu uja anachita sawatcha kwa iwo, kenako anatembenuka n'kuchitanso kwa ine.

Lole yomaliza itatsitsa, alamu anga anabwera pomwe ndinaima, akulu anga akuwatsatira pambuyo.

"Alamu, 783," anatero. "Khumi ndi asanu ndi awiri sindinabweze."

Ndinafuna kuwauza kuti tikanapita ku tauni kuja chiwerengerocho chikanatembenuka, koma ankadziwa kale.

Akulu anga anayang'ana chigulu cha amayi amene ankalira ndi kuseka atakumbatira ana awo pa geti paja. Kenako anandilanda cholembera m'manja, n'kuchiika pamwamba pa mgolo.

"Iwe, wadya lero?" anandifunsa. "Tiye kunyumba. Zitini zakozi sizithawa."